Du kapena Sie: Momwe Ajeremani Amaitanirana pa Mauthenga

Chijeremani chili ndi mawu awiri oitanira munthu amene ukulankhula naye. Loyamba ndi "du", lotchulidwa ngati duu, ndipo ndi la anthu ozolowerana. Lachiwiri ndi "Sie", lotchulidwa ngati zii, la anthu amene pakati pawo pakadali kamtunda kaulemu. Wolankhula Chichewa amafulumira kuganiza kuti awa ndi iwe ndi inu basi. Kufananako kulipodi, koma kumathera panjira, ndipo pamene kwathera m'pamene ophunzira ambiri amapunthwa.

M'Chichewa, inu amatsata msinkhu ndi udindo. Mwana amati inu kwa bambo ake, bambowo n'kumuyankha kuti iwe, ndipo palibe chodabwitsa. Ku Jeremani, ku Ositiriya ndi kumadera a Siwizalandi olankhula Chijeremani, muyeso wake ndi kuyandikana. Mwana amati "du" kwa mayi ake, kwa bambo ake ngakhale kwa agogo ake. Popemphera, Mulungu naye amatchulidwa "du". Koma munthu wa zaka 40 akalowa m'banki n'kupeza kalaliki wa zaka 22, amamuitana "Sie", kalalikiyo n'kubweza "Sie" yemweyo. Mfundo yaikulu ndi imeneyi: pakati pa akuluakulu, mawu oitanirana amakhala ofanana mbali zonse ziwiri. Bwana amene amati "du" kwa wantchito wake, uku akuyembekeza kuitanidwa "Sie", amaoneka wodzikuza. Kusiyana koteroko kumaloledwa pakati pa wamkulu ndi mwana yekha, ndipo m'sukulu zambiri aphunzitsi amayamba kuitana ophunzira "Sie" akafika zaka pafupifupi 16.

Pa galamala, "Sie" ndi liwu lomwe lija lotanthauza iwo, ndipo mneni wake amakhala wa anthu ambiri. Izi si zachilendo kwa amene anamvapo mkamwini akufunsa apongozi ake, ali nawo pamaso, kuti ali bwanji. Kale Ajeremani ankalemekezana ndi "Ihr", lomwe ndi inu weniweni, ndipo "Sie" anakhazikika m'zaka za m'ma 1700.

"Sie" ndi poyambira pabwino kwa wamkulu aliyense wosadziwika: dokotala, mwininyumba, wa ku ofesi ya boma, mphunzitsi wa ku yunivesite, wapolisi. Kwa wapolisi nkhaniyi ndi yosaseweretsa, chifukwa "du" wonenedwa monyoza angathe kuweruzidwa ngati chipongwe pansi pa ndime 185 ya malamulo a milandu ya upandu a dzikolo. "Du" ndi wa pabanja, abwenzi, ana ndi ziweto. Palinso magulu amene amayamba ndi "du" asanadziwane n'komwe: ophunzira a ku yunivesite okhaokha, osewera a timu imodzi, mamembala a mabungwe a anthu apantchito ndi a chipani cha SPD. Chizolowezichi chinakula kwambiri kuchokera nthawi ya zionetsero za ophunzira mu 1968, ndipo lero makampani ambiri a zamakompyuta amati "du" kwa aliyense. Sitolo za IKEA zimalembera makasitomala awo ndi "du". Komabe chimene chimachitika pa kampani imodzi sichikhala chilolezo pa kampani ina.

Liwu loitanira limayenda ndi dzina. "Sie" amapita ndi "Herr" kapena "Frau" ndi dzina la makolo, pamene "du" amapita ndi dzina loyamba. "Frau" ndi la mkazi wamkulu aliyense, wokwatiwa kapena ayi, pakuti liwu lakale la "Fräulein" linachotsedwa m'makalata a boma la Jeremani ya Kumadzulo mu 1972. Pali njira yapakati yotchedwa "Hamburger Sie", yomwe ndi dzina loyamba pamodzi ndi "Sie". Aphunzitsi amaigwiritsa ntchito kwa ophunzira achikulire, ndipo imamvekanso m'maofesi ena. Choncho kuitanidwa ndi dzina loyamba pakokha si umboni woti "du" waloledwa.

Kuchoka pa "Sie" kupita pa "du" kuli ndi mwambo wake, ndipo Ajeremani amati "das Du anbieten", kutanthauza kuti wina amachita kupereka, mnzake n'kulandira. Wopereka ndi wamkulu msinkhu. Kuntchito ndi wa udindo waukulu, ngakhale atakhala wamng'ono zaka, ndipo pakati pa ofanana udindo ndi amene wakhalitsa pamalopo. Wobwera kumene amadikira.

Momwe izi zimayendera pa mauthenga zikuoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza. Namwino wina, Chikondi Banda, wayamba kumene ntchito pachipatala ku Jeremani, ndipo akufuna ndandanda ya masiku ogwira ntchito kwa mkulu wa wodi, Anna Weber. Imelo yake yoyamba iyenera kuyamba ndi "Sehr geehrte Frau Weber,", malonje aulemu koposa, omwe kwa mwamuna amakhala "Sehr geehrter Herr". Pempho lake ndi "könnten Sie mir bitte den Dienstplan schicken?", kufunsa ngati angamutumizire ndandandayo. Liwu la "könnten" ndi lofewetsa, ngati mmene Mchewa amanenera kuti mungandithandizeko m'malo mwa ndithandizeni. Likuyamba ndi chilembo chaching'ono chifukwa malonje athera ndi mpatuliro, ndipo umu ndi mmene amalembera ku Jeremani ndi ku Ositiriya. Ku Siwizalandi ambiri saika mpatuliro, ndipo amayamba ndi chilembo chachikulu. Potseka amalemba "Mit freundlichen Grüßen" ndi maina ake onse awiri. Mkuluyo akanakhala ndi digiri ya udokotala, malonje akanakhala "Sehr geehrte Frau Dr. Weber,".

Yankho likubwera loyamba ndi "Liebe Frau Banda," n'kutseka ndi "Viele Grüße". Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. "Liebe" ndi wokondeka, ndipo mtima umathamangira kuganiza kuti chitseko chatseguka. Chatseguka pang'ono chabe. Dzina la makolo likadalipo, ndiye kuti "Sie" akadalipo. Chimene Chikondi angachite ndi kutsika sitepe imodzi yomweyo, kulemba "Liebe Frau Weber," kapena "Guten Tag Frau Weber," n'kutseka naye ndi "Viele Grüße". Wamng'ono amatsatira pamene wamkulu waponda, osapitirira. Chizindikiro chodalirika chili m'kati mwa uthenga: ngati muli "Sie", "Ihnen" kapena "Ihr", palibe chasintha, ngakhale kumapeto kutasainidwa dzina loyamba lokha.

Patapita milungu ingapo, mkulu uja akulemba kuti "Wir können uns gern duzen. Ich bin Anna." Akunena kuti angathe kumaitanana "du", ndipo akupereka dzina lake loyamba. Yankho loyenera ndi lalifupi: "Sehr gern, danke! Ich bin Chikondi." Kubwereza dzina, ngakhale onse akulidziwa kale, ndi mbali ya mwambowo. Kuyambira pamenepo uthenga wonse umasintha, osati liwu limodzi lokha. Malonje amakhala "Hallo Anna," kapena "Liebe Anna,". Pempho lija limakhala "könntest du mir bitte den Dienstplan schicken?". Moni wa "Wie geht es Ihnen?" amasanduka "Wie geht es dir?", ndipo kuthokoza kwa "Danke für Ihre Nachricht" kumakhala "Danke für deine Nachricht". Cholakwa chofala masiku oyambirira ndi kusakaniza, kuyamba ndi "du" n'kumaliza ndi "Ihnen". Kuwerenganso uthenga usanatumizidwe, maso ali pa timawu timeneti ndi pa mathero a aneni, kumakwanira.

Choyenera kusungidwa ndi chakuti "du" sachotsa ulemu. "Bitte" ndi "könntest" amatsala pomwepo, ndipo Anna akadali mkulu wa wodi. Wophunzira amene amamva "du" ngati iwe wa kwa mwana amachita manyazi, n'kupitiriza "Sie" poganiza kuti akulemekeza. Kwa Mjeremani zimenezi zimamveka ngati kukana dzanja limene latambasulidwa.

Zilembo zazikulu nazo zili ndi ntchito. "Sie" waulemu, pamodzi ndi "Ihnen" ndi "Ihr", amalembedwa ndi chilembo chachikulu nthawi zonse, ngakhale pa uthenga wa pafoni wolembedwa mothamanga, chifukwa chilembo chikachepa tanthauzo limasintha. "Kommen Sie morgen?" ndi kufunsa wolandira uthengayo ngati abwera mawa, pamene "Kommen sie morgen?" ndi kufunsa za anthu ena. Pa "du" pali ufulu. Kusintha kwa malamulo a kalembedwe kwa mu 1996 kunalamula chilembo chaching'ono, kenako mu 2006 chachikulu chinaloledwanso m'makalata, motero zonse ziwiri n'zolondola malinga uthenga umodzi utsate njira imodzi.

Polembera gulu pamafunika kusamala kwina. Anthu angapo amene onse ndi a "du" amaitanidwa "ihr" ndi "euch", pomwe "Sie" amakwanira mmodzi kapena ambiri. Gulu likakhala losakanikirana, monga anamwino anzake pamodzi ndi dokotala wamkulu, njira yosalakwa ndi kulembera onse ndi "Sie", ndipo anzakewo amamvetsa chifukwa chake. Malonje ngati "Guten Tag zusammen," sakondera mbali iliyonse.

Wobwera kumene amene sakudziwa chizolowezi cha pamalo angathe kufunsa osapereka yekha "du". Funso la "Wie ist es hier üblich, du oder Sie?" limangofuna kudziwa zimene anthu amachita pamenepo, ndipo chisankho chimatsala kwa eni malo. Amene waiwala ngati anagwirizana kale ndi munthu amafunsa kuti "Waren wir schon beim Du?", funso limene Ajeremani eni ake amafunsana kawirikawiri. "Du" akapulumuka mwangozi, kupepesa kwa mzere umodzi, "Entschuldigung, das Du ist mir herausgerutscht", kumathetsa nkhani, ndipo nthawi zina winayo amapezerapo mpata wopereka "du" weniweni.

Kukana n'kololedwa, ngakhale kumafuna mawu osankha bwino. Munthu angathokoze kaye, kenako n'kunena kuti kuntchito angakonde kukhalabe pa "Sie": "Vielen Dank, aber beruflich würde ich gern beim Sie bleiben." Liwu la "beruflich" limaika chifukwa pa ntchito, osati pa munthuyo. Nthawi yabwino yokanira ndi yomweyo, chifukwa "du" akalandiridwa sabwezedwa. Kubwerera ku "Sie" pambuyo pake kumamveka ngati kulengeza kuti ubale wasokonekera. Pali malo amodzi okha pamene kubwerera kumamveka: "du" woperekedwa paphwando la kuntchito anthu atamwako. M'mawa mwake wamng'ono amadikira kuona mmene wamkulu amulembere, ndipo uthenga ukabwera ndi "Sie", naye amayankha ndi "Sie" osakumbutsa za dzulo.