Mafuta Odzola Akayamba Kulonjeza Kuchiritsa Matenda

Mu Seputembala 2014, pomwe Ebola inkapululutsa anthu kuzambwe kwa Afirika, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku Amereka la FDA linalembera makalata ochenjeza makampani awiri ogulitsa mafuta a zitsamba, Young Living ndi doTERRA. Nkhani sinali pa zomwe zinali m'botolo ayi. Ena mwa ogulitsa mafutawo ankalemba pa intaneti kuti amalimbana ndi Ebola komanso khansa, ndipo FDA inati mawu amenewo asandutsa mafutawo kukhala mankhwala osavomerezeka.

Chifukwa chake n'chakuti malamulo a ku Amereka amaweruza chinthu potengera ntchito yomwe wogulitsa akuti chimagwira. Chikakhala chotsukira, chofewetsa kapena chokongoletsa khungu, chili m'gulu la zodzoladzola. Koma wogulitsa akangonena kuti chimachiza kapena kuteteza matenda, kapenanso kuti chimasintha kagwiridwe ntchito ka thupi, chalowa m'gulu la mankhwala, ndipo mankhwala amafunika umboni ndi chilolezo. Ku Britain, lamulo la mu 1939 limaletsa kutsatsa kwa anthu wamba chilichonse chomwe akuti chimachiza khansa.

Izi zikuwakhudza Amalawi omwe amatumiza kunja mafuta a malambe, a nimu kapena a chamwamba kudzera pa misika ya pa intaneti, poti misika monga Etsy imachotsa malonda olonjeza kuchiritsa. Kuno kwathu, otsatsa mankhwala azitsamba amayenera kuyamba apeza chilolezo ku bungwe la PMRA.

Tiyerekeze kuti mayi wina akugulitsa botolo la mafuta a malambe la mamililita 100, ndipo walemba kuti: "Amathetsa zipere ndi ziphuphu, amapha majeremusi, amateteza kudzuwa." Malonjezo atatu onsewa ndi a mankhwala. Zipere ndi ziphuphu ndi matenda a pakhungu, kupha majeremusi ndi ntchito ya mankhwala, ndipo ku Amereka ngakhale mafuta oteteza kudzuwa amawerengedwa ngati mankhwala oyenera kupimidwa kaye.

Mayiyo angalembe chonchi: "Mafuta ofinyidwa ku njere za malambe popanda kutenthetsa. Amafewetsa khungu louma ndi kulisalalitsa. Pakani madontho ochepa mukatha kusamba. Si akumwa." Apa wanena chomwe chili m'botolo, kapangidwe kake ndi kagwiritsidwe ntchito kake, zonse zoti angathe kuziikira umboni.

Ambiri amakodwa m'malo omwe sakuwaganizira. Kasitomala akalemba kuti "mwana wanga anachira mphere," wogulitsa n'kukopera mawuwo pa malonda ake, asanduka lonjezo la wogulitsayo. N'chimodzimodzi ndi zithunzi zoonetsa chilonda chisanapole ndiponso chitapola, kapena dzina la matenda loikidwa m'mawu osakira malonda. Kachiganizo ka m'munsi koti "awa si mankhwala" sikafafaniza lonjezo lomwe lili pamwamba.

Asanaike malonda pa intaneti, wogulitsa awerenge mutu, tsatanetsatane, mawu a pazithunzi ndi lebulo ya pabotolo, n'kuchotsa dzina lililonse la matenda komanso mawu monga kuchiza, kupoletsa, kupha ndi kuteteza.