Kwa mnzanga amene ntchito yamuthera: werengani buku la Bolles

Achimwene,

Ndamva kuti kampani yanu yachepetsa antchito ndipo dzina lanu linali m'gulu la ochotsedwa. Pepani kwambiri. Zaka 8 mukuyang'anira nyumba yosungiramo katundu si masewera, ndipo ndikudziwa kuti lendi ndi fizi ya ana siziyembekeza kuti mtima wa munthu ukhale kaye pansi. Ntchito yoti ndikupatseni ndilibe. Chimene ndili nacho ndi buku limodzi lomwe ndikufuna muyambe kuwerenga sabata ino, musanayambe kumwaza makalata ofunsira ntchito paliponse.

Bukulo ndi What Color Is Your Parachute?, ndipo analemba ndi Richard Nelson Bolles wa ku Amereka. Ndalisankha poyamba chifukwa mwini wake anadutsa momwe mukudutsamu. Bolles anali m'busa pa tchalitchi chachikulu cha Grace Cathedral mumzinda wa San Francisco, ndipo mu 1968 ntchito inamuthera chifukwa ndalama za tchalitchicho zinachepa. Atapeza ntchito ina yoyendera abusa otumikira m'masukulu aukachenjede, anaona kuti ambiri mwa iwo nawonso ntchito zikuwathera, ndipo sakudziwa chomwe angachite kunja kwa guwa. Anawalembera kabuku kowathandiza, n'kukasindikiza yekha mu 1970. Kampani ya Ten Speed Press inalitulutsa mu 1972, ndipo kwa zaka zambiri iye ankalikonzanso chaka ndi chaka mpaka anamwalira mu 2017. Lagulidwa makope oposa 10 miliyoni. Tsono linalembedwera anthu amene ankadziwa ntchito ya mtundu umodzi wokha, n'kuona ngati moyo wathera pomwepo.

Mfundo yoyamba ya bukuli ndi yoti dzina la udindo wanu si inuyo. Lero munthu akakufunsani chimene mumadziwa, muyankha kuti ndinu woyang'anira katundu. Mukayankha choncho mwadzitsekera pamipata yochepa yomwe ili ndi dzina limenelo, ndipo pamipata imeneyo mukulimbirana ndi aliyense amene anagwirapo ntchito yotero. Bolles akuti udindo uli ngati mtolo: mukaumasula mupezamo maluso angapo, ndipo maluso amenewo mungawamangenso m'mtolo wina wa dzina lina. Amawagawa patatu: luso lochita ndi anthu, luso lochita ndi manambala kapena uthenga, ndi luso lochita ndi zinthu zogwirika.

Njira yowapezera ndi imene imandichititsa kulikonda bukuli. Sakufunsani kuti mutchule maluso anu pamtima, chifukwa amadziwa kuti munthu amene wangochotsedwa ntchito sakumbukira chabwino chilichonse chokhudza iye mwini. M'malo mwake amati mulembe nkhani zisanu ndi ziwiri za m'moyo wanu, za nthawi imene munachita chinthu n'kuchitheka, inu n'kusangalala pochichita. Siziyenera kukhala za kuntchito zokha ayi. Ya kumunda, ya kutchalitchi, ya paukwati wa mlongo wanu, zonse zimalowa. Nkhani iliyonse ifotokoze chimene munkafuna kuchita, chimene chinakutchingani, zimene munachita chimodzichimodzi, zotsatira zake, ndiponso muyeso wa zotsatirazo ngati ulipo.

Tiyeni tiyese ndi nkhani yanu ija munandiuza, ya simenti yomwe inkasowa. Cholinga chinali choti matumba a m'kaundula afanane ndi matumba a m'nyumba, chifukwa mwezi uliwonse ankaperewera. Chotchinga chinali choti abwana ankakayikira alonda, alondawo anakwiya, ndipo panalibe amene ankafuna kuyankhula. Inu munatenga mapepala olandirira katundu a miyezi ingapo, n'kuwayerekeza ndi mapepala otulutsira, ndipo munaona kuti kuperewera kumachitika masiku amene galimoto yabwera madzulo, pamene wosaina amasaina asanawerenge. Munacheza ndi oyendetsa galimoto mosawaopseza, munakonza zoti katundu aziwerengedwa ndi anthu awiri potsitsa, munaphunzitsa anyamata otsitsa katundu kasanjidwe koti kuwerenga kusavute. Kuperewera kunatha ndipo alonda sanachotsedwe ntchito.

Mukailemba motero, muibwerezenso n'kudula mzere kunsi kwa mawu onse osonyeza chochita. Mupeza kufufuza, kuyerekeza manambala, kuona pomwe pali vuto, kufunsa anthu mwaulemu, kuyanjanitsa okangana, kukonza ndondomeko, kuphunzitsa. Onani kuti pamndandandawu palibe mawu akuti simenti. Maluso amenewa akufunika kumalo ogulira mbewu kwa alimi, kunyumba yosungira mankhwala yachipatala, kusukulu yogonera komweko yomwe imagula chakudya chambiri, kukampani yonyamula katundu, ngakhale kubungwe logawa chithandizo. Mukamaliza nkhani zonse zisanu ndi ziwiri, muona maluso ena akubwera mobwerezabwereza. Amenewo ndiwo anu enieni. Ngati nkhani mwailemba koma simukupezamo chodula mzere, ndiye kuti mwailemba mwachidule kwambiri, monga kungoti "ndinathetsa vuto la kusowa kwa katundu". Bwererani, mulembe ngati mukufotokozera mwana wofunsa kuti kenako munatani.

Pali kachinthu kena kamene anthu amakadumpha koma n'kothandiza. Maluso akachuluka, munthu umalephera kusankha omwe umawakonda kwambiri. Bolles amati musawayang'ane onse pamodzi, koma awiriawiri. Pakati pa kufufuza ndi kuphunzitsa, mutati musankhe chimodzi, n'chiti? Nanga pakati pa kufufuza ndi kuyanjanitsa anthu? Maluso akakhala asanu, mafunso otere amakhala 10. Akakhala 10, mafunso amafika 45. Pomaliza muwerenge luso lomwe lapambana kambiri. Zotsatira zake zimalembedwa pa chithunzi cha duwa la masamba asanu ndi awiri, pomwe masamba ena ndi a mtundu wa anthu omwe mumagwira nawo bwino ntchito, zimene mumadziwa, malo ndi kagwiridwe ka ntchito, malipiro, dera lomwe mungakhale, ndi cholinga cha moyo wanu. Ine ndinganene kuti musataye masabata pa duwa lonselo. Tsamba la maluso ndi la malipiro ndiwo ofunika msanga kwa munthu wa ana.

Mfundo yachiwiri ndi yowawa pang'ono, koma ndi yoona. Ofuna ntchito ndi olemba ntchito amafunana mosemphana. Inu muyambira pa sivi ndi zolengeza za m'nyuzipepala. Wolemba ntchito amayambira kwina: amayang'ana kaye mwa anthu amene ali nawo kale, kuphatikizapo aganyu ndi ogwira mwakanthawi, kenako munthu amene wamusonyeza umboni wa ntchito yake, kenako amene wamutchulira mnzake womukhulupirira. Mulu wa makalata amaufikira pomaliza, chifukwa kulemba munthu wosamudziwa n'kodula akalakwitsa. N'chifukwa chake munthu amatha kutumiza makalata miyezi yambiri osaitanidwa ngakhale kamodzi, n'kuyamba kudziona wopanda pake, pamene vuto ndi khomo lomwe akugogoda.

Chimene bukuli limaphunzitsa ndi kupita kwa anthu ogwira ntchito yomwe mukuifuna, osati kukapempha ntchito, koma kukafunsa za ntchitoyo kwa mphindi zochepa. Mafunso ake ndi wamba: munalowa bwanji ntchito imeneyi, chimakusangalatsani n'chiyani, chimakuvutani n'chiyani, ndipo ndani wina amene ndingacheze naye? Funso lomalizali musaliiwale, chifukwa ndilo limakutengerani kwa munthu wachiwiri ndi wachitatu. Mukatuluka, tumizani uthenga wothokoza tsiku lomwelo. Tinene kuti mwacheza ndi kalaliki wa pamalo ogulira soya, ndipo wakuuzani kuti chimawavuta n'choti matumba ogulidwa kumidzi safanana ndi ofika kudepoti. Pamenepo mwapeza chokanena kwa mwini malowo. Simupita kukati mundithandize, ndili ndi ana. Mupita kukati ndamva kuti muli ndi vuto lakuti, ndipo ndinathetsapo lofanana nalo motere. Bolles amalimbikitsa kuyambira kumakampani ang'onoang'ono, kumene mwini wake mungamuone maso ndi maso ndipo angakulembeni popanda kudikira komiti.

Mwina mukuti izi n'zomwe timadandaula kuno kwathu, zolembana ntchito pachibale. Ine ndikuona kusiyana. Zapachibale n'zopatsa munthu mpando chifukwa ndi mwana wa uje, kaya ntchitoyo aitha kaya saitha. Apa mukufuna wokutsegulirani chitseko kuti mukasonyeze zimene mumatha, ndipo mukalephera kusonyeza, chitsekocho chitsekedwanso. Kumene kuli malamulo oti mpata ulengezedwe, monga m'boma, tsatani malamulowo ndipo lembani kalata monga aliyense.

Za intaviyu bukuli lili ndi zambiri, koma gwirani ichi: mafunso onse amene angakufunseni amazungulira pa nkhawa zisanu za wolemba ntchito. Mwadzeranji kuno osati kwina, mungatichitire chiyani, ndinu munthu wotani, mukusiyana bwanji ndi ena ofuna mpandowu, ndipo tingakwanitse kukulipirani? Nkhani zanu zija ndizo mayankho a funso lachiwiri ndi lachinayi. Akakufunsani chifukwa chomwe munasiyira ntchito, nenani zoona mwachidule kuti kampani inachepetsa antchito, osanyoza abwana akale. Za malipiro muzisiye mpaka aonetse kuti akukufunani, ndipo ngati n'kotheka iwo ayambe kutchula ndalama.

Sindikubisirani zofooka zake. Ndi buku lachingerezi, lalikulu ndithu, ndipo linalembedwera dziko limene makampani ndi ochuluka kuposa kuno. Mitu yonena za masamba ofunirapo ntchito a ku Amereka mungaidumphe. Silingalenge ntchito pomwe palibe, ndipo n'kutheka kuti maluso anu akutsogolerani ku ganyu yowerengera katundu m'mashopu angapo kapena ku bizinesi yanu, osati ku ofesi. Musavutike kufuna lotuluka chaka chino. Lakale la pakaunjika wa mabuku kapena la kulaibulale likwanira, chifukwa mbali ya nkhani zisanu ndi ziwiri ndi ya kafikidwe kwa olemba ntchito zakhalamo zaka zambiri.

Chimene Bolles sangakuuzeni ndi malamulo a kuno, choncho ichi muchite musanatsegule n'komwe bukulo. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000, monga linakonzedwera mu 2010, limati wochotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito alandire ndalama yomutsanzika nayo: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyambirira, a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi a masabata anayi pa zaka zopitirira pamenepo. Pa zaka zanu 8, ndiye masabata 10 kuphatikiza 9, onse pamodzi malipiro a masabata 19. Ndalama imeneyi ndi yosiyana ndi ya penshoni, ndi ya masiku atchuthi omwe simunapume, komanso ndi ya notisi ngati sanakupatseni nthawi. Pemphani kuti akulembereni papepala mmene awerengera chilichonse, mutengenso kalata yosonyeza zaka zomwe mwagwira ndi ntchito yomwe mumagwira. Ngati manambala sakugwirizana, musasaine kuti mwalandira zonse. Pitani ndi mapepalawo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo zikakanika kumeneko, nkhani zotere zimaweruzidwa kukhoti loona za ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito.