Anayamba ndi mafunso, nkhani pambuyo

Mwana wa achemwali anga wa ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, amawerenga Chipwitikizi bwino kuposa ine. Koma atayamba kukonzekera mayeso olowera kusukulu ya aphunzitsi, wotchi inkamugwetsa tsiku ndi tsiku. Ankayamba pamutu wa nkhani, chala pamzere, milomo ikugwedera, mpaka kumapeto. Pofika pamafunso n'kuti zonse zitauluka, ndiye ankabwereranso pamwamba. Mphindi 20 zinkatha atangoyankha mafunso anayi mwa khumi.

"Amalume, ine mutu wanga ndi wouma," ankatero.

Mutu wouma wa kuti! Chinasintha ndi poyambira basi. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anaphimba nkhaniyo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Iwe, werenga kaye mafunso. Mayankho osankhapo aja usawayang'ane, ambiri ndi abodza, angakusokoneze." Pafunso lililonse anamuuza adule mzere kunsi kwa mawu amodzi kapena awiri osavuta kuwaona: dzina la malo, chaka, nambala.

Ndinaonerera tsiku limene zinamulowa. Nkhani inali ya njanji ya ku Nacala, ndipo funso linkafuna chaka chimene njanjiyo inalumikizidwa ndi ya ku Malawi. Anadula mzere pa "Malawi", n'kutsetsereka ndi diso osawerenga, akungosaka chilembo chachikulu ndi manambala. Anakumana ndi 1975, pensulo n'kunyamuka kale. Mkulu uja anangokhosomola. Mtsikanayo anawerenga chiganizo chonse n'kupeza kuti chikunena za ufulu wa Mozambique. Anatsika ndime ina, n'kupeza Entre Lagos ndi Nayuchi, pambali pake 1970. Anakuwa mpaka nkhuku kubalalika pabwalo!

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mawu amene wawadulira mzere amangokulozera pamalo, yankho lili m'chiganizocho, nthawi zina m'chapamwamba pake kapena chapansi pake. Komanso olemba mayeso amasintha mawu dala: funso likati "kulumikizidwa", nkhani ikhoza kunena kuti sitima zinayamba kuwoloka malire. Diso likayenda kawiri osapeza kanthu, dziwa kuti ukusaka chilembo m'malo mosaka ganizo. Funso lokhala ndi "kupatula" kapena "si zoona" mtsikanayo amalizunguliza, chifukwa limafuna yankho limene nkhani ikulikana kapena sinalitchule.

Mafunso a cholinga cha wolemba ndi mfundo yaikulu njira iyi siyiwatha. Amenewo amawasungira kumapeto, pamene wapondaponda kale ndime zonse, n'kuwerenga modekha ndime yoyamba ndi yomaliza.

Pano mafunso khumi amawamaliza mphindi zitatsalako, n'kubwerera kwa amene anamukayikitsa. Madzulo anzake amadzaza pakhonde ndi mapepala a mayeso akale, iye foni m'manja akuwawerengera nthawi. Wina akangoika chala pamutu wa nkhani, umamva ali, "Aise, tembenuza pepalalo, yamba ndi mafunso!"