Akukanani ntchito? Pali mafunso awiri oyenera kufunsa

Kalata yokana munthu ntchito siitalika. Amathokoza kuti munabwera ku intavyu, amati opikisana anali ambiri, kenako n'kukufunirani zabwino zonse. Ambirife tikawerenga timangoti "anali kale ndi munthu wawo", nkhani n'kuthera pomwepo. Nthawi zina zimakhaladi choncho, tisanamizane. Koma amene wakulemberani kalatayo akudziwa zinthu ziwiri zimene inu simukudziwa: pamene munaterereka, ndi ntchito zina zimene zikubwera pamalopo. Mukhoza kumufunsa, bola mufunse mwanzeru.

Si kukanidwa konse kumene kuli koyenera kufunsira. Zidziwitso zambiri za ntchito m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimathera ndi mawu akuti okhawo amene asankhidwa ndi amene adzayankhidwe. Ngati munangotumiza kalata ndi sivi koma osaitanidwa, musadzivute. Pepala lanu linali m'gulu la mulu waukulu, ndipo palibe amene akulikumbukira. Koma ngati munakhala pamaso pa gulu lofunsa mafunso, kapena munalemba mayeso awo, nkhani ndi ina. M'mabungwe ambiri aliyense wa ofunsawo amakhala ndi pepala lolembapo malikisi pa funso lililonse, ndipo mapepalawo amasonkhanitsidwa ndi mkulu woona za antchito. Choncho yankho la funso lanu lilipo kale, lili mufayilo. Simukupempha munthu kuti akumbukire nkhope yanu, mukungomupempha kuti asuzumire pamene analemba.

Tiyerekeze mtsikana amene ali ndi dipuloma ya ICAM, wagwirapo ntchito yowerengera ndalama pasitolo yogulitsa zipangizo zomangira, ndipo anafunsira ntchito ya wothandizira akauntanti ku bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe. Intavyu inayenda bwino m'maso mwake, koma Lachiwiri walandira imelo yomukana. Asayankhe tsiku lomwelo mtima uli m'mwamba, komanso asadikire mwezi. Lachinayi kapena Lachisanu ndi bwino, mapepala aja asanalowe m'kabati. Ayankhe pa imelo yomweyo, kuti wowerenga aone msanga kuti ndi ndani komanso ndi ntchito iti. Maofesi ambiri amalemberana m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi:

"Mayi, zikomo pondidziwitsa zotsatira, komanso pondipatsa mwayi wokumana ndi gulu lanu. Chiganizo chanu ndachilandira. Ngati nthawi ingakuloleni, ndingathokoze mutandiuza chinthu chimodzi chimene ndiyenera kukonza kuti ndidzachite bwino pa ntchito ngati imeneyi. Ndifunsenso ngati pali ntchito ina kwanuko imene mukuona kuti ingandiyenere, ndipo ngati n'kotheka musunge sivi yanga."

Mawu akuti "chiganizo chanu ndachilandira" ndiwo mutu wa kalatayi. Wolemba anthu ntchito akaona uthenga wochokera kwa munthu amene wamukana, choyamba chimene amaganiza ndi mlandu. Lamulo la ntchito la m'dziko muno, la chaka cha 2000, limaletsa tsankho polemba anthu ntchito, ndipo madandaulo okhudza kalembedwe ka ntchito m'mabungwe a boma amakafika ku ofesi ya Ombudsman. Motero funso lakuti "chifukwa chiyani simunanditenge?" limamveka ngati chiyambi cha dandaulo, ndipo munthu wochenjera amangokhala chete kapena kuyankha mawu opanda kanthu. Mukasonyeza kuti simukutsutsa, mwamuchotsa mantha. Ngati mukukhulupiriradi kuti panachitika zachinyengo, njira yodandaulira ilipo payokha. Musaphatikize ziwirizi m'kalata imodzi.

Nanga bwanji chinthu chimodzi chokha? Chifukwa choti munthu wotanganidwa angathe kuyankha m'mizere iwiri. Mukapempha kuti akufotokozereni zonse za momwe munachitira, mwamupatsa ntchito, ndipo adzaiika pambali mpaka kuiwala. Musafunsenso za amene anatengedwa. Zimenezo sangakuuzeni, ndipo sizikukhudzani.

Tsono tinene kuti yankho labwera: "Munayankha bwino pa za mabuku a ndalama, koma gulu linkafuna munthu amene analembapo malipoti a ndalama opita kwa opereka thandizo, komanso pa mayeso a Excel simunamalize." Yankho lotere ndi la mtengo wapatali, ndipo lili ndi mbali ziwiri zosiyana. Za Excel n'zoti mtsikanayu angakonze yekha madzulo aliwonse: aphunzire `VLOOKUP` ndi `SUMIF`, azidziyesa ndi wotchi. Za malipoti a opereka thandizo sangaziphunzire pa foni. Zikumuuza kuti khomo lolowera m'mabungwe otere mwina lili pansi pang'ono, pa ntchito ya kalaliki wa ndalama kapena ya miyezi yochepa pa pulojekiti, kapenanso kuti luso lake lingagulike msanga ku kampani ya malonda kumene amafuna wodziwa kuwerengera katundu ndi kulemba za msonkho pa Msonkho Online ya MRA. Apa ndi pamene funso lachiwiri lija limagwira ntchito, pakuti amene anakuonani mukuyankha mafunso angathe kukuuzani msinkhu umene muli.

Funso la ntchito zina lili ndi phindu linanso. Amene anapambana akhoza kukana malipiro, kupeza kwina, kapena kulephera pa miyezi yoyeserera. Zikatero mabungwe ambiri sakonda kuyambiranso kulengeza, amabwerera kwa amene anali wachiwiri kapena wachitatu. Ngati munakanidwa kudzera ku kampani yopezera mabungwe antchito, funsoli ndi lofunika koposa, chifukwa iwo amalipidwa akapezera bungwe munthu ndipo amakhala ndi mipata ya malo angapo nthawi imodzi. Ku boma zinthu n'zosiyana: ntchito imayenera kulengezedwa ndipo aliyense amafunsira mwatsopano, ndiye musayembekeze kuti wina akusungirani malo.

Mayankho ena ndi ongokupepesani. "Munachita bwino, kungoti wina anakuposani" ndi ulemu chabe, kapena ndi lamulo la bungwelo kuti asanene zambiri. Thokozani, musakakamize. "Tisunga sivi yanu" paokha ndi mawu a mwambo. Koma akatchula dzina la ntchito, nthambi yake, kapena mwezi umene akuyembekeza kulengeza, dziwani kuti akunena zenizeni, ndipo nthawiyo ikafika funsirani mwa dongosolo n'kuwadziwitsa kuti mwatero. Akakhala chete, kumbutsani kamodzi patatha sabata imodzi kapena ziwiri, basi.

Zimene zimaononga kawirikawiri ndi njira zachidule. Kuimba pa nambala ya munthu usiku, kumutumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, kumudikirira pa geti, kapena kutuma amalume amene amapemphera naye limodzi kuti akafunse, zonsezi zimachititsa kuti akukumbukireni moipa. Chinanso ndi kutsutsa. Akakuuzani kuti munkayankha mozungulira, musalembe ndime zitatu zodziteteza. Mwina alakwitsa, koma umo ndi momwe munaonekera kwa iwo, ndipo n'zimene munafunsa.

Chenjezo lomaliza ndi la ndalama. Wina akakuyankhani kuti mpata wina ulipo koma mutumize kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ndi wakuba, kaya akulankhula mwaulemu chotani. Wolemba ntchito weniweni safuna tambala yanu. Musatumize, ndipo dziwitsani bungwe limene akutchula dzina lakelo kudzera pa nambala yake yodziwika.