Momwe mungasandutsire ndondomeko ya nkhani kukhala masilaidi a mfundo imodziimodzi

Masiku ano pulojekita sichinthu cha m'mahotela mokha. Ku Manje, Bangwe, Ndirande ndi m'madera ena a mzinda wa Blantyre, chidachi chikupezeka m'mipingo, m'sukulu ndi m'misonkhano ya makomiti a zaumoyo. Vuto lomwe limaoneka kawirikawiri ndi lakuti wokamba amatenga ndondomeko ya nkhani yake monga momwe adailembera papepala, nkuiponya yonse pakhoma. Anthu amayamba kuwerenga, ndipo munthu akamawerenga samvetsera bwino. Wokamba akamafika pamfundo yachiwiri, ena amakhala atafika kale pamzere womaliza, pomwe akumbuyo akuvutika ndi zilembo zing'onozing'ono.

Mankhwala ake ndi lamulo lakuti silaidi imodzi inyamule mfundo imodzi. Momwe lamuloli limagwirira ntchito zikuoneka bwino pa chitsanzo cha mlangizi wa zaumoyo amene wapatsidwa mphindi 15 kuti akambe za kolera kwa makolo pa sukulu ina ku Manje, mvula isanayambe.

Ndondomeko ya mlangiziyu ili ndi mizere inayi. Woyamba ukuti "Mliri wa 2022 ndi 2023". Wachiwiri ukuti "Kafalidwe ndi zizindikiro". Wachitatu ukuti "Kupewa: madzi, manja, chimbudzi". Wachinayi ukuti "Chochita wina akadwala". Wosazolowera angapange masilaidi anayi, umodzi pa mzere uliwonse. Apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera, chifukwa mzere wa m'ndondomeko ndi dzina la mutu chabe, ndipo mutu umodzi umatha kubisa mfundo zingapo.

Ntchito yoyamba ndi kuwerenga mfundo zobisikazo. Njira yapafupi ndi kufunafuna mawu oti "ndi", "komanso" kapena mpumiro pakati pa zinthu. Mzere wachiwiri uli ndi mfundo ziwiri, chifukwa momwe matenda amafalira ndi momwe amadziwikira ndi nkhani zosiyana. Wachitatu uli ndi zitatu. Wachinayi ukuoneka ngati mfundo imodzi, koma mlangizi akadzifunsa zomwe adzanene pamenepo, apeza ziwiri: kumwetsa wodwala Thanzi ndi kuthamangira naye kuchipatala. Mzere woyamba wokha ndiwo uli ndi mfundo imodzi, ngakhale muli mawu oti "ndi", popeza zaka ziwirizo ndi za mliri umodzi. Zonse pamodzi ndi mfundo 8, ndipo kuwonjezera silaidi ya mutu wa nkhani, masilaidi akukwana 9.

Ntchito yachiwiri ndi kusandutsa mfundo iliyonse kukhala chiganizo chathunthu, chokhala ndi mneni. Michael Alley, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Penn State ku America, amadziwika ndi njira imeneyi: pamwamba pa silaidi pakhale chiganizo chonena mfundo, pansi pake pakhale umboni wooneka ndi maso. Mutu woti "Mliri wa 2022 ndi 2023" suuza munthu kanthu. Koma chiganizo choti "Kolera idapha anthu oposa 1,700 m'Malawi mu 2022 ndi 2023" chapereka uthenga ngakhale kwa amene wafika mochedwa.

Masilaidi otsatira a mlangiziyu angalembedwe motere. Yachitatu: "Kolera imafala kudzera m'madzi ndi zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi". Yachinayi: "Kutsegula m'mimba konga madzi otsukira mpunga ndi chizindikiro chachikulu". Yachisanu: "Mukathira kolorini m'madzi, dikirani mphindi 30 musanamwe". Yachisanu ndi chimodzi: "Sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya". Yachisanu ndi chiwiri: "Banja lililonse ligwiritse ntchito chimbudzi". Yachisanu ndi chitatu: "Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino". Yomaliza: "Pitani naye kuchipatala msanga, akumwa Thanzi panjira".

Kuwerenga mitu yokhayo motsatizana ndi mayeso abwino. Ngati mituyo ikufotokoza nkhani yonse popanda wokamba, ndiye kuti ndondomeko yasandulika bwino. Ngati pena pakuoneka kuti padumphidwa kanthu, pakusoweka silaidi. Ngati mutu sukukwana m'mizere iwiri, kawirikawiri ndiye kuti muli mfundo ziwiri zofunika kuzilekanitsa.

Ntchito yachitatu ndi kusankha choika pansi pa mutu. Pa silaidi ya Thanzi, chithunzi cha paketi ndi botolo la lita imodzi chikwanira. Mawu ena onse, monga akuti madzi osungunulawo asapitirire maola 24, wokamba awanene pakamwa. Mu PowerPoint, mawu oterewa amalembedwa m'gawo la Notes, pansi pa silaidi, ndipo omvera sawaona pakhoma. Chinthu chilowe pa silaidi pokhapokha ngati omvera akuyenera kuchiona kapena kuchijambula pa foni.

Amene adalemba ndondomeko yake mu Word safunika kulembanso zonse. Chiganizo chilichonse chomwe chikhale mutu wa silaidi achipatse sitayilo ya Heading 1, ndipo mawu apansi pake awapatse Heading 2. Akasunga ndi kutseka fayiloyo, apite mu PowerPoint ndi kutsata njira iyi:

```
Home > New Slide > Slides from Outline
```

Mzere uliwonse wa Heading 1 umasanduka silaidi yakeyake. Pamafunika kusamala chifukwa m'ndondomeko yokhala ndi masitayilo amenewa, ndime zomwe zidasiyidwa pa Normal sizitengedwa. Choncho ndi bwino kuwerenga masilaidi omwe atuluka ndi kuona ngati akwana 9.

Kuchuluka kwa masilaidi kumaopsa ena, koma nthawi imadyedwa ndi mfundo, osati masilaidi. Mfundo 8 zikapatsidwa mphindi imodzi ndi theka iliyonse, zimatenga mphindi 12, ndipo zitatu zotsalazo ndi za malonje ndi mafunso. Mlangizi akayeserera kunyumba nkupeza kuti wafika mphindi 20, achotse mfundo. Kuphatikiza masilaidi awiri kukhala imodzi sikufupikitsa nkhani, kumangochepetsa zilembo. Guy Kawasaki, yemwe adagwirapo ntchito ku kampani ya Apple, amalangiza kuti zilembo zisachepere mlingo wa 30. M'kalasi yopanda makatani, momwe dzuwa limafooketsa chithunzi, langizoli ndi lothandiza. Wokamba afike msanga, akaime kumbuyo kwenikweni kwa chipinda ndi kuyesa kuwerenga.

Lamuloli lili ndi malire ake. Mfundo imodzi sikutanthauza chinthu chimodzi. Ngati mlangizi akufuna kuonetsa kusiyana kwa ndowa yovundikira ndi yosavundikira, zithunzi ziwirizo zikhale pa silaidi imodzi, chifukwa mfundo yake ndi kusiyanako. Kuzilekanitsa kungakakamize omvera kukumbukira chithunzi chomwe chachoka kale pakhoma. Kugawa mopitirira muyeso kumadziwikanso msanga: wokamba amangodina batani chiganizo chisanathe, ndipo silaidi sikhala pakhoma ngakhale masekondi 10.

Pomaliza, magetsi amatha kuzima nkhani ili mkati. Mlangizi amene walemba mitu yake ngati ziganizo zathunthu amangofunika pepala limodzi lokhala ndi mizere 9 m'thumba. Pulojekita ikazima pa silaidi yachisanu, amapitiriza ndi yachisanu ndi chimodzi, ndipo kholo limabwerera kunyumba likudziwa kuti paketi imodzi ya Thanzi imafuna lita imodzi ya madzi.