Kugona Bwino Nyengo Yotentha

Mwezi wa Okutobala dzuwa limawala kwambiri. Ku Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa, masiku ena kumatentha kupitirira madigiri 40. Usiku panja pamayamba kuzizirira, koma m'cipinda mumakhalabe motentha. Kodi n'cifukwa ciani?

Lero dzuwa likalowa, mukagwire khoma la nyumba la kumadzulo. Mudzamva kuti ndi lofunda. Njerwa zimasunga kutentha kwa tsiku lonse, ndipo usiku zimakutulutsa pang'onopang'ono. Malata nawonso amatenthetsa mpweya wa m'nyumba masana.

Tiyeni tione cipinda ca malata cimene zenera lake linayang'ana kumadzulo. Nchito yociziziritsa imayamba m'mawa, musanapite kusukulu. Tsekani katani kuti dzuwa la masana lisalowe ndi kuwomba pabedi. Ngati mulibe katani, pacikani citenge. Mphasa yopacikidwa kunja kwa zenera ndiye yabwino koposa, cifukwa imatsekereza dzuwa lisanafike pagalasi.

Madzulo, panja pakazizira kuposa mkati, cotsani mphasa ija. Tsegulani zenera ndi citseko comwe. Zenera lokha silikwanira, iyai. Mphepo imafuna polowera ndi potulukira. Kuti mudziwe ngati ikudutsa, gwirani kaulusi pakati pa cipinda. Kakamagwedezeka, ndiye kuti zili bwino. Kakangokhala zii, tsegulani zenera lina la mbali ina ya nyumba. Nthawi yogona ikakwana, funsani amai kapena atate kuti ndi zenera liti lingakhale lotsegula usiku wonse.

Manje tengani citenge. Civiikeni m'madzi, cifinyeni kuti cisamadonthe, ndipo mucipacike pazenera polowera mphepo, kutali ndi nthambo za magetsi. Madzi akamauma, amatenga kutentha kwa mpweya umene ukudutsa. Ndi mmene mumamvera mukangosamba, mphepo n'kukuwombani. Njira iyi imathandiza kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, pamene mpweya ndi wouma. Mvula ikayamba, citenge cimacedwa kuuma ndipo siciziziritsa kwenikweni. Mukaona kuti m'mawa cikali conyowa, lekani kuciviika.

Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, kufupi ndi denga. Conco kugona pansi pamphasa kumazizirirako kusiyana ndi pabedi lalitali. Valani zovala zopepuka, ndipo fundani nsalu m'malo mwa bulangeti.

Nanga udzudzu? Zenera lotsegula limalowetsa mphepo ndi udzudzu womwe. Kutenthe bwanji, musagone kunja kwa neti, cifukwa udzudzu umabweretsa malungo. Pisani m'mphepete mwa neti pansi pa mphasa mbali zonse.

Mafunso

1. N'cifukwa ciani khoma limakhala lofunda usiku?
2. Mungadziwe bwanji kuti mphepo ikudutsa m'cipinda?
3. Kodi citenge conyowa cimathandiza kwambiri m'miyezi iti?