Kompyuta ikakhala chete, sikuti mwalemba bwino

Tayesani kulemba chiganizo ichi pa kompyuta: "The teachers said there coming with they're books, so wait their." Aliyense amene anaphunzira Chingerezi mwakhama aona msanga kuti muli zolakwika zitatu. Koma pulogalamu yoyang'ana masipelo, ikakhala ya mtundu wongodalira mndandanda wa mawu, ingodutsa osaona kanthu. Kamzere kofiira kokhotakhota kaja, komwe anthu anayamba kukaona mu Microsoft Word cha m'ma 1995, sikatuluka ngakhale pamodzi. Mawu onse m'chiganizocho ndi a Chingerezi chenicheni ndipo masipelo ake ndi olondola. Atatuwo angokhala pa mipando ya anzawo.

Mawu atatuwa, their, there ndi they're, eni chinenerocho ambiri amawatchula mofanana, koma ntchito zawo n'zotalikirana. Their amasonyeza umwini, ndipo akufanana ndi "-awo" wathu uja: their books ndi mabuku awo, their house ndi nyumba yawo. There amaloza malo, monga "uko" kapena "apo", komanso amatsegula chiganizo chonena kuti chinthu chilipo: there is a problem, kunena kuti pali vuto. They're ndi mawu awiri ophatikizidwa, they ndi are, pamene nkhodolero yaima m'malo mwa lembo "a" lomwe lachotsedwa. Zimenezi si zachilendo kwa ife, poti timachitanso chimodzimodzi polemba "m'nyumba" m'malo mwa "mu nyumba", kapena "n'zoona" m'malo mwa "ndi zoona".

Mawuwa sanachokere kumodzi. There ndi mwana wa m'nyumba, wochokera ku Chingerezi chakalekale. Their ndi mlendo: anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, Mavaikingi aja, amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo anabwera limodzi ndi they komanso them. Mawuwa anatsika pang'onopang'ono kulowera kum'mwera, moti mlembi wa ku London Geoffrey Chaucer, yemwe anamwalira mu 1400, ankalemba they koma their anali asanamutenge. Makina osindikizira mabuku atafika ku England ndi William Caxton mu 1476, masipelo anayamba kukhazikika, pamene katchulidwe kanapitiriza kusintha. N'chifukwa chake Chingerezi chadzaza ndi mawu omveka mofanana koma olembedwa mosiyana. Chichewa chili ndi vuto lotembenuza: "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa msika timalemba mofanana, kusiyana kwake kuli pa kukweza ndi kutsitsa mawu polankhula.

Kuti timvetse chifukwa chomwe kompyuta imakhalira chete, tiyenera kudziwa funso limene imadzifunsa. Pulogalamu yoyang'ana masipelo imakhala ndi mndandanda wautali wa mawu ovomerezeka. Imatenga liwu lililonse lomwe mwalemba, palokhapalokha, n'kuona ngati lili mu mndandandawo. Ikalisowa imalemba mzere wofiira, kenako imafufuza mawu oyandikana nalo kuti ikupatseni. Katswiri wina wa makompyuta, Fred Damerau, anaonetsa mu 1964 kuti pafupifupi masipelo olakwika 80 pa 100 aliwonse amachokera ku zinthu zinayi zokha: kusiya lembo limodzi, kuwonjezera limodzi, kuika lina m'malo mwa linzake, kapena kusinthanitsa awiri oyandikana. Choncho mukalemba "thier", pulogalamuyo imaona kuti liwulo kulibe, imasinthanitsa "i" ndi "e", ndipo imapeza their. Ntchito imeneyi imaigwira bwino zedi, mwina kuposa munthu wotopa.

Koma funso lake limathera pomwepo: kodi liwuli lilipo? Funso loti kodi ndi lomwe wolembayo amafuna, silikufunsidwa. Ili ngati mlonda wa pa geti amene amangoona ngati munthu ali ndi chiphaso, osafunsa ngati walowa mu ofesi yoyenera. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mndandanda ukamakula, mipata yothawira zolakwika imachulukanso. Munthu wofuna kulemba whether kapena weather akhoza kulemba "wether". Mndandanda waufupi ungamugwire. Wautali umulola, chifukwa wether ndi liwu lenileni la Chingerezi, lotanthauza nkhosa yamphongo yofula.

Ena anganene kuti zimenezo n'zakale, mapulogalamu a masiku ano ndi ochenjera. Zoona, pang'ono. Kuyambira pa Word 2007 panabwera kamzere kena, ka buluu, koyang'ana liwu pamodzi ndi oyandikana nalo, ndipo Google Docs nayo imachita zofanana. Mapulogalamuwa anaphunzitsidwa ndi zolemba zochuluka kwambiri, ndipo amadziwa kuti "there is" amapezeka kawirikawiri pamene "their is" sapezeka m'zolemba zabwino. Chiganizo cha aphunzitsi chija mwina angachigwire, chonse kapena mbali yake. Kumeneko n'kuyerekeza zomwe anthu ambiri amalemba, osati kudziwa zomwe zili mumtima mwanu.

Malire ake amaonekera pamene mawu onse awiri akupanga chiganizo cholondola. Taonani ziwirizi: "We heard their singing" ndi "We heard they're singing." Choyamba chikunena kuti tinamva kuimba kwawo, nyimbo inalowa m'makutu athu. Chachiwiri chikunena kuti tinamva mphekesera yoti akuimba, mwina mawa ku ukwati, ndipo nyimboyo sitinaimve ayi. Malamulo a chinenero sanaphwanyidwe paliponse. Palibe mzere wofiira, palibe wa buluu, chifukwa palibe cholakwika chooneka. Wodziwa ngati tinalipo kapena tinangouzidwa ndi wolemba yekhayo. N'chimodzimodzi ndi "They will raise the wall" ndi "They will raze the wall": china chikuti khoma alikweza, china chikuti aligwetseratu, ndipo khutu silingasiyanitse.

Nanga munthu angadziteteze bwanji? Njira yodalirika ndi yosinthanitsa mawu, ndipo tiyeni tiigwiritse ntchito pa chiganizo choyamba chija. Paliponse pomwe pali limodzi mwa atatuwa, yambani mwaikapo "they are". Malo oyamba akhala "The teachers said they are coming", ndipo zikumveka, choncho pakufunika they're. Malo achiwiri akhala "with they are books", zomwe sizikumveka n'komwe. Apa yesani "our": "with our books" zikuyenda, ndiye kuti nkhani ndi ya umwini, pakufunika their. Malo achitatu, "wait they are" ayi, "wait our" ayi. Yesani "here": "wait here" zikutheka, choncho pakufunika there. Chiganizo chokonzedwa ndi ichi: "The teachers said they're coming with their books, so wait there." Ndi bwino kuyamba ndi "they are", chifukwa ndi muyeso umene sunama kawirikawiri. Wa "here" umatsimphina pang'ono pa ziganizo monga "Is there any sugar?", koma pofika pamenepo awiri enawo mwawachotsa kale.

Nkhodolero ndi imene imasokoneza anthu ambiri, ndipo sindiwaimba mlandu kwenikweni. Mwana amaphunzitsidwa kuti umwini m'Chingerezi umasonyezedwa ndi nkhodolero, monga "the girl's book". Akafika pa they're amaganiza kuti ndi lamulo lomwelo, n'kulemba "they're book". Koma alowam'malo osonyeza umwini salandira nkhodolero: their, its, your, whose. Anzawo okhala ndi nkhodolero, they're, it's, you're ndi who's, onse ndi mawu awiri ofupikitsidwa. Choncho muyeso womwe uja ukugwira pa banja lonseli: tambasulani liwulo. Ngati "it is" kapena "it has" akukwana, lembani it's. Ngati sakukwana, lembani its.

Pali malangizo amene amaperekedwa kawirikawiri oti munthu awerenge mokweza zomwe walemba. Ndi abwino pogwira liwu losiyidwa kapena chiganizo chotalika mopitirira, koma pa vuto ili sathandiza. Khutu ndi lomwe linanyengedwa poyamba, ndiye silingakhale mboni. Chothandiza n'kudina Ctrl+F, kulemba "their", n'kuima pa malo aliwonse pomwe liwulo lapezeka ndi kuliyesa monga tachitira. Kenako "there", kenako "they're". Pa kalata yofunsira ntchito ya tsamba limodzi, zimenezi sizitenga nthawi. Pa foni m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa imasintha yokha mawu pamene chala chikuthamanga, ndipo nthawi zina imaikapo nkhodolero pomwe simunaifune.

Mawu omveka mofanana sali ofanana kwa aliyense, amatengera lilime la wolankhula. Kwa munthu wa ku London, court ndi caught amamveka chimodzimodzi, pamene Amereka ambiri amatchula "r" ndipo sawasokoneza. Ife olankhula Chichewa tili ndi mndandanda wathuwathu umene mabuku ochokera kunja sautchula. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo sichisiyanitsa "i" wautali wa mu leave ndi "i" wamfupi wa mu live. Komanso "l" ndi "r" kwa ife sasintha tanthauzo la liwu. Zotsatira zake, mawu amene Mngelezi amawamva mosiyana, kwa ife amagwera pamodzi: leave ndi live, sheep ndi ship, pray ndi play, collect ndi correct.

Ndikuona kuti awa ndi oopsa kuposa their ndi there. Munthu akalemba "there books", wowerenga amangomwetulira kapena kukwinya nkhope, koma tanthauzo amalimva. Koma taganizirani mlembi wa mu ofesi amene walandira uthenga wa bwana wakuti "Please collect the report", pamene bwanayo amafuna kunena "Please correct the report". Mlembiyo apita kukatenga lipotilo, aliika pa tebulo, zolakwika zake zili momwemo, ndipo aliyense akhulupirira kuti mnzake ndiye wasokoneza. Kapena wopempha kusamutsidwa amene walemba "I want to leave near my family" pofuna kunena live. Apa mwina pulogalamu ya masiku ano ingakayikire. Koma akalemba "I want to leave with my family", chiganizocho n'cholondola kwathunthu, ndipo wowerenga amva kuti munthuyo akufuna kuchoka pamodzi ndi banja lake, osati kukhala nalo.

Pa mawu oterewa, kuikapo "they are" kapena "our" sikuthandiza. Chomwe chimathandiza n'kudzifunsa m'Chichewa momwemo, pomwe mawuwo safanana ngakhale pang'ono. Kodi ndikunena kuchoka kapena kukhala? Kuchoka ndi leave, kukhala ndi live. Kutenga kapena kukonza? Kutenga ndi collect, kukonza ndi correct. Aliyense ali ndi mawu ake ochepa amene amamupunthwitsa mobwerezabwereza, ndipo amapezeka mosavuta m'makope akale omwe aphunzitsi anachonga ndi cholembera chofiira. Ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE ali ndi chifukwa china chowalembera pa pepala n'kuwaloweza: chimangirizo cha Chingerezi chimalembedwa pamanja, ndipo m'chipinda cha mayeso mulibe kamzere kofiira kapena ka buluu.